Ngolo inamasuka pachitunda, palibe anavulala: n'chifukwa chiyani nkhani zotere sizifika ku ofesi?

Mvula ikayamba kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, tiyi amaphuka mothamanga, maesiteti amalemba anthu a sizoni, ndipo mafakitale amagwira usana ndi usiku. Ndi nthawi yomweyi pamene m'malo ambiri a ntchito mumamveka uthenga woti aliyense azinena ngozi zophonya, ndipo pena amakhoma kabokosi pakhoma pafupi ndi ofesi. Uthengawu umazunguza anthu ambiri. Wina amafunsa kuti, munthu sanavulale, katundu sanawonongeke, ndiye ndikanene chiyani? Wina amaona ngati kabokosiko n'konenezerana. Mabwana nawo amasokonezeka mwanjira yawo. Akatsegula bokosi pakutha pa mwezi n'kupezamo kangaude yekha, amaganiza kuti ndiye kuti zonse zili bwino.

Ngozi yophonya n'chiyani

Pali zinthu zitatu zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Choyamba ndi chiopsezo, chinthu chomwe chingavulaze munthu koma chili phee, sichinachite kanthu. Waya wamagetsi wosendeka pafupi ndi pamene amatsuka pansi ndi madzi ndi chiopsezo. Chachiwiri ndi ngozi yeniyeni, pamene munthu wavulala kapena katundu wawonongeka. Chachitatu chili pakati pa ziwirizi. Chinthu chachitika ndithu, koma chaphonya. Thumba la tiyi lagwa kuchokera pamwamba n'kutera pamene munthu wangochokapo kumene. Lamba wa makina wakoka malaya, malayawo n'kung'ambika, dzanja n'kutsala. Imeneyo ndiyo ngozi yophonya.

Muyezo wa padziko lonse woyendetsera chitetezo pa ntchito, ISO 45001, womwe unatuluka mu 2018, umaika ngozi yovulaza ndi yophonya m'gulu limodzi la zochitika zoyenera kufufuzidwa. Lamulo lathu la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pa ntchito limalamula olemba ntchito kudziwitsa boma za ngozi zopha kapena zovulaza kwambiri, komanso za zoopsa zina zikuluzikulu ngakhale pasakhale wovulala. Koma ngozi zophonya za tsiku ndi tsiku sizifika kwa oyendera malo a ntchito. Zimathera pamalo pomwepo, ndipo ngati amene waziona sanena, palibe buku lililonse limene zimalembedwamo.

Tiyerekeze ndi ngolo ya tiyi

Nkhani iyi ndi yongoyerekeza, koma aliyense amene anagwirapo ntchito pa esiteti aizindikira. Ndi masana m'mwezi wa Januwale. Thalakitala yanyamuka pa shedi yoyezera tiyi, ikukoka ngolo yodzaza masamba kupita kufakitale. Ili pakati pa chitunda, tayala lagunda mwala, pini yolumikiza ngolo ku thalakitala yadumpha n'kutuluka. Ngolo yayamba kubwerera chammbuyo. Yayenda mamita angapo, tayala limodzi lalowa m'ngalande, yaima. Kumunsi kwa msewu womwewo kunali amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana, akuchokera kusikelo.

Dalaivala watsika, thukuta lili kamukamu. Anthu athandizana kukankha, abwezera pini, amanganso ndi waya. Mayi wina wati, "Achimwene, lero ndi Mulungu yekha." Onse avomera, ena aseka, thalakitala yapitirira. Tiyi wafika kufakitale mochedwa pang'ono basi, ndipo palibe wafunsa.

Tione chomwe chikanachitika ngalandeyo pakanapanda. Pa chitunda chomwe chimatsika mita imodzi pa mamita khumi alionse, ngolo yomasuka ikayenda mamita 20 imakhala ikuthamanga pafupifupi makilomita 20 pa ola, ili ndi kulemera kwake konse, popanda wowongolera. Munthu wosenza dengu, atatembenukira kwina, sangailewe. Zonse zofunika kuti pachitike maliro zinalipo tsiku limenelo. Chinasiyanitsa ndi malo a ngalande, ndipo ngalandeyo palibe anaikumba ndi cholinga choimitsa ngolo.

Tsono ngolo simasuka chifukwa cha chinthu chimodzi. Pini imeneyi imayenera kukhala ndi kachitsulo kotsekera kumunsi kwake kuti isadumphe. Kachitsuloko kanatayika masabata apitawo, kusitolo ya zipangizo kunalibe kena, ndipo dalaivala anamangapo waya kuti ntchito isaime. Wayayo anadyeka ndi kugwedezeka. Pamayeneranso kukhala tcheni chogwira ngolo pini ikalephera, koma tchenicho anachichotsa tsiku lina pokokera galimoto yotitimira m'matope, osachibwezeranso. Msewu wa masiku onse unakumbika ndi mvula, ndiye thalakitala inadzera wachitunda. Ndipo nthawi yonyamula tiyi ndi yomweyo imene othyola amakhala ali mumsewu.

Katswiri wina wa ku Britain, James Reason, anafotokoza kuti malo a ntchito amatetezedwa ndi zotchinga zingapo zosanjikizana, ndipo chilichonse chili ndi mabowo ake. Taganizani za denga laudzu lomwe pansi pake anayala pepala lapulasitiki. Udzu uli ndi malo owola, pepala nalo lili ndi malo obooka, koma m'nyumba simudontha mpaka bowo la pamwamba litayang'anizana ndi la pansi. Ngozi yophonya imakuonetsani mabowo onsewo tsiku limodzi, popanda kulipira ndi mwendo wa munthu. N'chifukwa chake akatswiri amaifuna kwambiri.

Manambala otchuka aja, ndi pamene amalekezera

Amene anakhalapo pa maphunziro a chitetezo anaonapo chojambula cha ngodya zitatu, chosongoka kumwamba. Chinachokera kwa Herbert Heinrich, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi ku America. Mu 1931 iye analemba kuti pa ngozi 330 za mtundu umodzi, imodzi imavulaza kwambiri, 29 zimavulaza pang'ono, ndipo 300 sizivulaza konse. Mu 1969 Frank Bird anasanthula malipoti a ngozi oposa 1.7 miliyoni ochokera ku makampani 297, n'kupeza kuti pa ngozi imodzi yaikulu pamakhala khumi zazing'ono, 30 zowononga katundu, ndi 600 zophonya.

Manambalawa si lamulo lachilengedwe, ndipo asamatengedwe ngati kuti ngozi zophonya zikakwana 600 ndiye kuti mawa kufa munthu. Phunziro lake lodalirika ndi limodzi lokha, loti zophonya n'zochuluka kwambiri kuposa zovulaza, choncho mwayi wophunzira ulipo wambiri. Pamene anthu amasocherera ndi poganiza kuti ukachepetsa tingozi tating'ono, zikuluzikulu zichepa zokha. Sizili choncho nthawi zonse. Chimene chimaterereretsa munthu pa simenti yonyowa si chimene chimaphulitsa boyila, chithanki chowiritsira madzi kuti apange nthunzi m'fakitale. Mu 2005 fakitale yoyenga mafuta ya kampani ya BP ku Texas City, ku America, inaphulika n'kupha anthu 15, ndipo ofufuza anapeza kuti akuluakulu ankadalira chiwerengero chotsika cha anthu ovulala ngati umboni woti zonse zili bwino, pamene zipangizo zoopsa zinali zikuwonongeka.

Choncho ngozi yophonya siyezedwa ndi zimene zachitika koma ndi zimene zikanachitika. Munthu kupunthwa pa tsache ndi ngolo kumasuka pachitunda zonse zimalembedwa kuti "palibe wovulala", koma imodzi yokha ndiyo ikanapha.

Aliyense ali ndi chifukwa chake chokhalira chete

Apa ndi pofunika kukhalapo nthawi, chifukwa ambiri amafulumira kunena kuti antchito ndi osasamala kapena osaphunzira. Tiyeni tibwerere pachitunda paja n'kuyang'ana mmodzimmodzi amene anaona.

Dalaivala ndiye akudziwa zonse, koma ndi iyenso anamanga waya uja. Akanena, funso loyamba lomwe akuyembekezera ndi lakuti, "Nanga inu munayendetseranji ngolo yopanda chotsekera?" Kumapeto kwa funso limenelo akuonako kalata yochenjeza, mwina kuchotsedwa pa thalakitala n'kubwezedwa kumunda. Mawu oti kusitolo kunalibe chotsekera akuona kuti samuthandiza, chifukwa kusitolo kulibe amene anasaina kuti anakana.

Mnyamata womuthandiza ndi wa sizoni. Kontirakiti yake ikutha mvula ikatha, ndipo chaka chamawa adzaimanso pamzere kudikira kuti dzina lake litchulidwe. Iye akudziwa kuti mawu a kapitawo amalemera pa tsiku limenelo. Palibe amene wamuopseza, ndipo mwina kapitawoyo ndi munthu wabwino. Koma kudziwika kuti ndi "wolongolola" n'chinthu chimene sangachiyese. Apa pali vuto lenileni la ntchito ya tiyi: miyezi imene ntchito ili yochuluka, makina akuthamanga ndiponso misewu ili yoterera, ndi miyezi yomweyo imene anthu ambiri pamalopo ali atsopano ndiponso osakhazikika. Amene akuona zambiri ndi amene ali ndi mantha ambiri.

Amayi othyola aja mantha awo ndi ochepa, koma ali ndi masamu awo. Malipiro a wothyola amayendera makilogalamu, ndipo ola limene wapita ku ofesi ndi masamba amene sanathyole. Akafika kumeneko apeza fomu ya Chingerezi ya masamba awiri, yofunsa zinthu zimene iwo sangadziwe, monga nambala ya thalakitala. Ndipo dalaivala uja si mlendo. Amakhala naye moyandikana ku nyumba za pa esiteti, amapemphera mpingo umodzi, mkazi wake ali naye m'banki mkhonde. Kukanena nkhaniyi kukumveka ngati kumuthira mchenga m'nsima.

Kapitawo naye ali ndi amene amamuyang'anira. Ngati pageti pali chikwangwani chowerenga masiku amene adutsa popanda ngozi, ndipo ngati chigawo chopanda mbiri yoipa chimalandira bonasi kapena chiyamikiro, lipoti lililonse lochokera kwa anthu ake akuliona ngati banga pa dzina lake. Chikwangwani chotere amachiika ndi mtima wabwino, koma chikalumikizidwa ndi mphotho chimalipira anthu chifukwa chokhala chete. Wodzicheka chala amachikulunga ndi nsanza n'kupitiriza ntchito kuti asawonongere anzake bonasi.

Pali chifukwa china chobisika kwambiri, chomwe sichikhudza mantha. Ndi kuzolowera. Tsiku loyamba kumanga pini ndi waya, dalaivala ankayenda pang'onopang'ono, akucheukacheuka. Tsiku lachisanu anasiya kucheuka. Pofika sabata yachitatu waya uja anali atasanduka chotsekera chovomerezeka, ndipo mathalakitala ena anali atatengera. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Diane Vaughan, anafufuza ngozi ya chombo cha mumlengalenga cha Challenger, chomwe chinaphulika mu 1986 n'kupha anthu asanu ndi awiri. Anaonetsa kuti mainjiniya anali ataona kale pa maulendo am'mbuyo kuti timphira totseka mpweya wamoto tikuwonongeka, koma popeza ulendo uliwonse unkatha bwino, kuwonongekako kunayamba kuonedwa ngati kwachizolowezi. Ngati izi zinachitikira anthu a madigiri ochuluka chotero, sitingadabwe nazo pagalaja ya pa esiteti. Kupulumuka kulikonse kumaoneka ngati umboni woti njira yachidule ija ndi yabwino.

Mawu oti "Mulungu yekha" nawonso ndiwatchule, mwaulemu. Kuthokoza Mulungu utapulumukira m'kamwa mwa mbuzi n'koyenera, ndipo palibe dongosolo la chitetezo limene likuletsa. Kungoti nthawi zambiri mawuwa amakhala omaliza pa nkhaniyo, pamene akanatha kutsatidwa ndi funso lakuti, nanga tcheni chija chili kuti?

Koma mukawafunsa antchito okhalitsa, yankho lomwe limabwera kawirikawiri ndi lalifupi: "Tinanenapo kale." Makaniko anapempha zotsekera, pempho lake lili m'faelo. Wina anaponya kapepala m'bokosi chaka chatha za masitepe othyoka, masitepewo akadali othyoka, ndipo palibe anabwera kudzamuuza ngakhale chifukwa chake. Munthu amene wanena kawiri osayankhidwa waphunzitsidwa bwino kuposa mmene semina iliyonse ingamuphunzitsire.

Ukaika zonsezi pamodzi umaona kuti kukhala chete si umbuli. Ndi chiwerengero chimene munthu amachita mumtima: ndikanena nditaya chiyani, ndipo chisintha n'chiyani? Dongosolo lililonse lonenera ngozi zophonya limaima kapena kugwa pa mafunso awiri amenewa.

Kumene njira imeneyi inakhwimira

Chitsanzo chodziwika kwambiri chili ku ntchito ya ndege. Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya TWA inagunda phiri ku Virginia, ku America, ikukonzekera kutera pabwalo la Dulles, ndipo anthu onse 92 anafa. Oyendetsa anamva molakwika chilolezo chochokera kwa owongolera ndege n'kutsika msanga. Pofufuza zinadziwika kuti masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo, ndege ya kampani ya United inalakwitsa chimodzimodzi pamalo omwewo n'kuphonya phirilo pang'onong'ono. Oyendetsa ake ananena ku kampani yawo, kampaniyo inachenjeza anthu ake, koma panalibe njira yofikitsira chenjezolo kwa oyendetsa a makampani ena.

Mu 1976 dziko la America linakhazikitsa dongosolo lonenera ngozi zophonya za ndege lotchedwa ASRS. Chochititsa chidwi ndi amene anapatsidwa udindo wolandira malipoti. Sanapatse bungwe la boma loyang'anira za ndege la FAA, lomwe lili ndi mphamvu yolanda ziphaso, koma bungwe la NASA, lomwe silingalange woyendetsa ndege aliyense. Wolemba lipoti amalemba dzina lake kuti akatswiri athe kumuimbira ngati pali chofunsa, kenako dzinalo limachotsedwa. Amene walakwitsa mosafuna n'kunena pasanathe masiku khumi amatha kukhululukidwa chilango, kupatula ngati pali mlandu wophwanya malamulo mwadala kapena ngozi yachitika kale. Ndipo zimene aphunzira amazifalitsa mwezi ndi mwezi kwa onse.

Esiteti ya tiyi si bwalo la ndege, koma mfundo zitatu za mmenemu zimasamuka bwinobwino. Wolandira lipoti asakhale yemweyo wolemba makalata ochenjeza. Wonena adziwe pasadakhale chimene chimuchitikire. Ndipo yankho libwerere kwa anthu.

Lipoti la ngolo ija likanayenda bwanji

Poyamba, kunena kukhale kosavuta kuposa kukhala chete. Kwa wothyola tiyi, izi zikutanthauza kunena pakamwa, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, pa shedi pomwepo, kwa munthu wodziwika amene antchito anamusankha okha, monga nthumwi ya komiti ya chitetezo kapena ya bungwe la antchito. Ameneyo ndiye alembe. Kwa amene ali ndi foni, uthenga wa mawu pa WhatsApp kapena chithunzi n'chokwanira. Mafunso asapitirire anayi: chachitika n'chiyani, kuti ndiponso nthawi yanji, chikanachitika n'chiyani, ndipo inu mukuona kuti pachitike chiyani. Funso lakuti "analakwa ndani" lisakhalepo. Lipoti lonse likhoza kukhala lotere: "Lachiwiri masana ngolo ya tiyi inamasuka pachitunda cha kumunsi kwa shedi, inaima m'ngalande. Kumunsi kunali anthu. Pini inali yomanga ndi waya, tcheni panalibe."

Tsiku lomwelo, asanayambe kufufuza kalikonse, ngolo imeneyo iime, ndipo wina ayendere ngolo zonse za pa esiteti kuona mapini ndi matcheni. Kawirikawiri apa ndi pamene pamatulukira kuti vuto si la dalaivala mmodzi.

Kenako lipoti liyezedwe kulemera kwake. Ili likanapha, choncho likwere mpaka kwa manijala ndipo lifufuzidwe ngati kuti munthu wafadi. La tsache lija likhoza kuthera kwa kapitawo. Kusanja kumeneku n'kofunika, chifukwa malo amene amafufuza chilichonse mofanana amatopa msanga n'kusiya zonse.

Kufufuzako ndi kufunsa "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza mpaka utafika pa chinthu chimene kampani ingasinthe. Ngolo inamasuka chifukwa pini inadumpha. Inadumpha chifukwa panalibe chotsekera. Panalibe chifukwa kusitolo zinatha. Zinatha chifukwa sizili pa mndandanda wa zinthu zimene zimagulidwa zisanathe. Ndipo thalakitala inatuluka m'galaja ili choncho chifukwa pepala loyendera m'mawa limafunsa za mafuta, madzi ndi matayala, koma silitchula polumikizira ngolo. Wofufuza amene waima pa "dalaivala anali wosasamala" wasiya mabowo onsewa ali chitsegukire, akudikira dalaivala wotsatira.

Pokonza, njira zina n'zamphamvu kuposa zina. Yofooka kwambiri, yomwenso imakondedwa chifukwa ndi yaulere, ndi kusonkhanitsa anthu n'kuwauza kuti azisamala. Yamphamvu ndi imene sidalira kukumbukira kwa munthu: chotsekera chomangirira ku pini ndi kawaya kuti chisatayike, tcheni chowotcherera ku ngolo kuti wina asachibwereke, kanjira ka anthu apansi kosiyana ndi ka thalakitala pachitundapo. Chilichonse chikhale ndi dzina la wochichita ndi tsiku lomalizira.

Chomaliza, chomwe chimaiwalika kwambiri, ndi yankho. Wonena uja auzidwe pasanathe masiku ochepa kuti lipoti lake lafika ndipo pachitika zakutizakuti. Anthu onse auzidwe pa msonkhano wa m'mawa, popanda kutchula dzina. Ngakhale yankho litakhala lakuti ndalama yokonzera msewu palibe mpaka chilimwe, koma pakadali pano thalakitala izidikira anthu adutse, limenelo ndi yankho ndithu, ndipo anthu amalilemekeza kuposa kungoti zii.

Za kubisa dzina, tisanamizane. Bokosi losalemba dzina limathandiza poyamba pamene anthu sanakhulupirire, koma lili ndi malire awiri. Wofufuza sangabwerere kukafunsa zambiri, ndiponso pa malo ang'ono chinsinsi n'chovuta. Thalakitala yodutsa pachitunda chija Lachiwiri masana inali imodzi, dalaivala wake aliyense akumudziwa. Chimene chingamuteteze si chinsinsi koma lonjezo lolembedwa, logwirizana pakati pa olemba ntchito ndi oimira antchito, monga bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWUM kumene lilipo. Dziko la Malawi linavomereza mu 2019 pangano nambala 155 la bungwe la padziko lonse loona za ntchito la ILO, lomwe limati wantchito auze womuyang'anira akaona choopsa chachikulu chomwe chili pafupi, ndipo asavutitsidwe chifukwa chochoka pamalo otero. Koma pangano lotere wantchito wa sizoni amalikhulupirira pokhapokha ataona mnzake amene ananena akuitanidwanso chaka chotsatira.

Kodi ndiye kuti palibenso wolangidwa?

Ili ndi funso la mabwana, ndipo ndi lomveka. Amaopa kuti munthu aziphwanya malamulo n'kuthamangira kukalemba lipoti kuti athawe chilango. Antchito nawo safuna kugwira ntchito ndi munthu woika miyoyo yawo pachiswe n'kumangokhululukidwa.

Njira imene akatswiri amalimbikitsa ndi kujambula mzere poyera, zinthu zisanachitike. Pali kulakwitsa kosafuna, monga kuiwala kapena kuona molakwika, ndipo kumeneku chilango sichithandiza kanthu. Pali chizolowezi choopsa chimene munthu sakuchionanso ngati choopsa, monga waya uja, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa chimene chikukankhira anthu kumeneko. Ndiye pali kuchita dala ukudziwa, monga kuyendetsa thalakitala utamwa kachasu kapena kuchotsa chotchinga pa makina odula tiyi pofuna kumaliza msanga utachenjezedwa kale. Kumeneko chilango chilipo, lipoti lilembedwe kapena ayi.

Posiyanitsa pali funso losavuta: mutatenga madalaivala ena atatu odziwa ntchito mofanana, n'kuwaika pa tsiku lomwelo, kusitolo kulibe chotsekera, tiyi akutenthera m'ngolo, fakitale ikuimba foni, kodi akanachita mosiyana? Ngati onse akanamanga waya, kulanga mmodziyu n'kulanga munthu chifukwa choti tsoka linagwera pa shifiti yake. Funsoli silithetsa mkangano uliwonse. Pamakhala nkhani zapakati zimene anthu anzeru amasiyana maganizo, ndipo n'chifukwa chake kugamula kusamasiyidwe m'manja mwa munthu mmodzi amene dzina la chigawo chake likukhudzidwa.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda

M'zaka za m'ma 1990, Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard anafufuza magulu a anamwino m'zipatala, akuyembekezera kupeza kuti magulu oyendetsedwa bwino amalakwitsa pang'ono popereka mankhwala. Anapeza zosiyana: magulu abwinowo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atafufuza mozama anaona kuti kusiyana kunali pa kumasuka. M'magulu amenewo anthu ankatha kunena akalakwitsa, pamene m'magulu a atsogoleri aukali zolakwa zinkabisidwa.

Choncho dongosolo likayamba kugwira, malipoti amakwera, ndipo manijala amene sanakonzekere amachita mantha n'kuyamba kufunsa kuti chalakwika n'chiyani. Akangosonyeza nkhope yokwiya pa msonkhano umodzi, chiwerengerocho chimatsika n'kubwerera pa ziro.

Koma kuchuluka kokha nakonso kumanyenga. Malo ena amalamula kuti aliyense azipereka malipoti awiri pa mwezi, kapena amapereka mphatso kwa wolemba ambiri. Zotsatira zake ndi mulu wa timapepala ta udzu wautali ndi mababu othima, tolembedwa tsiku lomaliza la mwezi, pamene za ngolo ndi za boyila mulibe. Chofunika kuyang'ana ndi mtundu wa malipotiwo. Kodi alipo amene munthu akunena za iye mwini, kuti "ndinatsala pang'ono kuyatsa makina mnzanga ali mkati akutsuka"? Lipoti lotere limodzi limasonyeza chikhulupiriro kuposa makumi asanu onena za anthu ena. Kodi zimene analonjeza kukonza zikukonzedwa pa tsiku lake, kapena mndandanda ukungotalika?

Ndipo yang'anani kumene malipoti sakuchokera. Ngati onse akuchokera kwa antchito okhazikika a shifiti ya masana, pamene a sizoni, a makontirakitala odula bulugamu wa kuboyila ndi a shifiti ya usiku alibe ngakhale limodzi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, kumeneko ndi koyenera kupitako ndi miyendo, usiku womwewo, kukakhala pansi ndi anthu popanda fomu m'manja n'kufunsa kuti sabata ino chakudzidzimutsani n'chiyani.